Khadi la achemwali: ngongole ya £2,411 idzatha liti?

Loweruka, 10 Meyi 2025

Achemwali afika kwathu kuno ku Leeds m'mawa, kuchokera ku ntchito ya usiku, atanyamula envulopu ya sitetimenti ya khadi lawo la ngongole. Ngongoleyi inayamba ndi tikiti ya ndege yopitira ku maliro kumudzi, kenako panawonjezeka zina ndi zina za pamaliropo. Chibwerereni salumphitsa mwezi. Pa 18 paliponse dayirekiti debiti imadula ndalama imene kampani yalemba pa mzere wa `Minimum payment`, ija yochepetsetsa imene munthu amaloledwa kulipira.

"Achimwene, inu mumadziwa masamu. Tandiwuzeni, chinthuchi chidzatha liti? Ndikulipira mwezi ndi mwezi koma ndikayang'ana chili pomwepo."

Ndalonjeza kuti ndiwerengetsa, ndipo ndizilemba pano mmene ntchito ikuyendera kuti ndisadzaiwale pamene ndinalakwitsa. Zimene zili pa sitetimenti ya pa 3 Meyi ndi izi. Ngongole ya mwezi watha inali £2,436.18. Analipira £69.72. Sanagule kanthu ndi khadilo. Chiwongoladzanja chimene chawonjezedwa ndi £44.90. Ngongole yatsopano, pa mzere wa `New balance`, ndi £2,411.36, ndipo yochepetsetsa ya mwezi uno ndi £69.01. Pamwamba alemba `APR 24.9%`, ndiko kuti chiwongoladzanja cha pa chaka.

Achemwali anali atawerengetsa kale pa foni: 2,411 kugawa ndi 69, yankho miyezi 35. Iwo amati zaka zitatu basi. Ndawasonyeza mizere iwiri yokha. Analipira £69.72 koma ngongole yatsika ndi £24.82. Yotsalayo yapita ku chiwongoladzanja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ndi katapila wovala suti." Tasiyira pomwepo chifukwa tulo tinali titawagwira.

Lamulungu, 11 Meyi

Lero ndalakwitsa kawiri, ndipo kulakwitsa koyamba ndinakugwira msanga.

Ndinatenga 24.9 n'kugawa ndi 12 kuti ndipeze chiwongoladzanja cha pa mwezi, n'kupeza 2.075 peresenti. Ndisanapitirire ndinati ndiyese pa sitetimenti yomweyo. Ndikachulukitsa ndi ngongole ya mwezi watha ndikupeza £50.55. Ndikayamba ndachotsa zimene analipira ndikupeza £49.10. Pepala likuti £44.90. Zonse ziwiri zapitirira, ndiye vuto silili pa ngongole, lili pa peresentiyo.

Chifukwa chake n'chakuti kuno ku Britain APR imakhala itawerengera kale kuti chiwongoladzanja chimabereka chinzake m'kati mwa chaka. Simungoigawa ndi 12, mumaibweza m'mbuyo:

```
=(1+0.249)^(1/12)-1
```

Yankho ndi 1.870 peresenti pa mwezi. Nditatembenuza sitetimenti, nambala yomweyo ndinaipeza kuseri, yolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Ndikanangoyamba n'kutembenuza pepala.

Ndi 1.87 peresenti, ngongole asanalipire ikupereka £45.56, atalipira ikupereka £44.25. Ya pa pepala, £44.90, ili pakatikati penipeni. Mpake, chifukwa sitetimenti imatuluka pa 3 ndipo ndalama imadulidwa pa 18. Theka la mwezi chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yaikuluyo, theka linalo pa yotsikayo. Awa ndiwo mayeso amene aliyense angachite pa pepala lake: ngati simunagule kanthu, chiwongoladzanja chiyenera kugwera pakati pa manambala awiriwo. Chikagwera kunja, mwina peresenti mwaitenga molakwika, kapena mbali ina ya ngongoleyo ili ndi peresenti yakeyake, monga ndalama zotapa pa makina.

Kulakwitsa kwachiwiri ndiye kunali koopsa, chifukwa yankho lake linkaoneka labwino. Ndinalemba izi mu Excel kuti ndipeze miyezi yolipira:

```
=NPER(0.0187,-69.01,2411.36)
```

Zinatuluka 57.2, kutanthauza miyezi 58, zaka zosakwana zisanu. Ndinatsala pang'ono kutumiza uthenga kwa achemwali. Chinandiimitsa ndi pepala lomwelo: mwezi watha analipira £69.72, mwezi uno akufunsidwa £69.01. Ndalamayi ikutsika. `NPER` imaganiza kuti munthu azilipira ndalama imodzimodzi mpaka mapeto, pamene yochepetsetsa imawerengedwa mwatsopano mwezi uliwonse. Funso limene ndayankha si limene anandifunsa. Nambala ya 58 ija ndaisunga pambali, sindinaifute.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndawapempha achemwali anditumizire chithunzi cha kuseri kwa sitetimenti, pamene pali lamulo la kawerengedwe ka yochepetsetsa. Popanda lamulo limeneli palibe chimene munthu angawerengetse, chifukwa makhadi amasiyana. Lawo likuti: 1 peresenti ya ngongole ya pa sitetimenti, kuphatikiza chiwongoladzanja cha mwezi umenewo ndi zilango ngati zilipo, kapena £5, kutengera imene yakula. Ndayesa: 1 peresenti ya £2,411.36 ndi £24.11, kuphatikiza £44.90, yankho £69.01. Zagwirizana mpaka pensi yomaliza.

Kampaniyo sinadzipangire yokha. Malamulo a kuno amati pa makhadi otsegulidwa kuyambira mu Epulo 2011, yochepetsetsa isachepere chiwongoladzanja, zolipiritsa ndi 1 peresenti ya ngongole. Cholinga chake n'chakuti ngongole isamakule munthu akulipira. N'zoona, sikula. Koma imatsika mwa mtundu wina.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana lamuloli mpaka chinandilowa. Chiwongoladzanja chimalowa mu ngongole, kenako chimatuluka chonse mu malipiro a mwezi womwewo. Chotsala chimene chikudya ngongole yeniyeni ndi 1 peresenti ija yokha. Ndiye ngongole ikakhala £2,400 imatsika ndi £24, ikafika £1,200 imatsika ndi £12, ikafika £600 imatsika ndi £6. Zili ngati munthu wotunga madzi mumgolo amene akuchepetsa kapu nthawi iliyonse madzi akatsika. Pamene mgolo ukufika pansi amakhala akutunga ndi chitsekerero cha botolo.

Zikutanthauza chinthu chimene poyamba sindinkachikhulupirira: pa khadi la mtundu uwu, kukula kwa APR sikusintha kwenikweni liwiro limene ngongole ikutsikira. Kumasintha ndalama zimene mukuwononga panjira. Khadi la 15 peresenti ndi la 30 peresenti onse amatsika ndi 1 peresenti pa mwezi, kungoti mwini wa lachiwirilo akulipira zambiri kuti ayende ulendo womwewo.

Kuti ndipeze liwiro lenileni sindinagwiritsenso lamulo, ndangogawa ngongole ziwiri za pa pepala: 2,411.36 kugawa ndi 2,436.18, yankho 0.9898. Mwezi uliwonse ngongole imatsala 98.98 peresenti ya mmene inalili. Yapitirira pang'ono 1 peresenti chifukwa chiwongoladzanja chimene akulipira ndi cha mwezi watha, chokulirapo ndi mapensi ochepa kuposa chimene chikulowa. Pa liwiro limeneli, ngongole imafika theka pakatha miyezi 68, zaka zisanu ndi miyezi isanu ndi itatu. Kuti ifikenso theka la thekalo, miyezi 68 ina.

Loweruka, 17 Meyi

Ngati ngongole imangotsika ndi peresenti, ndiye kuti pa masamu singathe. Chimene chimaimaliza ndi £5 ija. Lero ndagawa ulendo pawiri.

Gawo loyamba ndi pamene 1 peresenti ndi chiwongoladzanja zikadali pamwamba pa £5. Yochepetsetsa ya achemwali ndi 2.862 peresenti ya ngongole, ndiko kuti 69.01 kugawa ndi 2,411.36. Idzatsika kufika pa £5 ngongole ikadzafika £174.70. Kuchoka pomwe ali kukafika pamenepo:

```
=LN(174.7/2411.36)/LN(0.9898)
```

Miyezi 256. Zaka 21 ndi miyezi inayi.

Gawo lachiwiri ndi mchira, pamene malipiro aima pa £5 osatsikanso. Apa ndiye `NPER` imagwira ntchito yake, popeza ndalama ndi imodzimodzi. Ikupereka miyezi 57, ndipo ndikawerengera zoti amalipira pakati pa mwezi ikutsikira cha ku 56.

Sindinafune kudalira mafomula okha, ndiye ndapanga tebulo la mwezi ndi mwezi. Mzere woyamba ndakopera pa sitetimenti: `B2` ngongole, `C2` chiwongoladzanja, `D2` malipiro. Mzere wotsatira:

```
C3: =ROUND(0.0187*(B2-D2/2),2)
B3: =B2-D2+C3
D3: =MIN(B3,MAX(5,ROUND(0.01*B3,2)+C3))
```

`D2/2` ija ikuimira kulipira pakati pa mwezi. Ndakokera pansi mpaka mizere 400. Ngongole ikutha pa malipiro a nambala 313, mu Meyi 2051. Zonse zimene angalipire ndi pafupifupi £6,560, mwa izo £4,150 ndi chiwongoladzanja. Tebulo ndi mafomula zagwirizana, kusiyana kwake sikukupitirira mwezi umodzi.

Kamodzi tebulo linandizunguza. Ndisanaike `ROUND`, ngongole imakana kufika pa ziro, imangotsala tizidutswa ta pensi mizere yonse mpaka pansi. Ndinayamba kusakasaka cholakwika, kenako ndinazindikira kuti tebulo likunena zoona. Ukalipira ngongole yonse ya pa sitetimenti pa 18, masiku a pakati pa 3 ndi 18 amakhala atabereka kale chiwongoladzanja, ndipo chimabwera pa sitetimenti yotsatira. Anthu ambiri amene amati amaliza ngongole amadabwa ndi kabilu kotereka mwezi winawo. Ndalemba m'mbali mwa tebulo kuti tsiku lomaliza likadzafika tidzayang'anenso sitetimenti imodzi.

Ndinayesanso kusintha £5 kukhala £25, chifukwa makhadi ena kuno amaika pamenepo. Gawo loyamba latsika kufika miyezi 99, popeza malipiro amaima ngongole ikadali £873. Ulendo wonse ukukhala zaka pafupifupi 13. Kanambala kamodzi ka kuseri kwa pepala kadula theka la zakazo. Amene akufuna kubwereka tebulo langa ayambe wayang'ana kanambala kameneka pa khadi lake.

Loweruka, 24 Meyi

Pamene ndinkasintha £5 kukhala £25 ndinaona chinthu chimene chandikhala m'mutu sabata yonse. Mchira sunasinthe. Pa £5 ndi miyezi 56, pa £25 ndi miyezi 56 yomweyo. Ndinabwerera ku nambala ija ndinaisunga pambali pa 11 Meyi, ya kulipira £69.01 osatsitsa: miyezi 57.2, imene ikutsikira cha ku 56 ndikawerengera zoti amalipira pakati pa mwezi. Ndi nambala imodzi yomweyo.

Si mwangozi. Mchira umayamba pamene malipiro ali 2.862 peresenti ya ngongole n'kusiya kutsika. Lero malipiro a achemwali ali kale 2.862 peresenti ya ngongole. Kusiyana n'kwakuti akuwalola kutsika. Miyezi 256 ija ndi nthawi yodikira kuti malipiro aime okha pa £5. Atawaimika lero pa £69, mchira wayamba lero, ndipo zaka 21 zija zachokapo. Chiwongoladzanja chikutsika kuchoka pa £4,150 kufika cha m'ma £1,500, popanda kuwonjezera pa ndalama imene akutulutsa kale mwezi uno.

Ndawaimbira madzulo. Nditatchula 2051 anaseka, akuti pamenepo adzakhala ali kumudzi akuwotha dzuwa ndi zidzukulu. Nditafotokoza za kuimika malipiro anafunsa funso labwino kuposa anga onse.

"Nanga mwezi wamawa akanditsitsira ndi mapensi 69 okha, mapensi amenewo ndi amene angabweretse zaka 21?"

Ndawayankha kuti mwezi woyamba ayi, kusiyana kwake ndi mapensi basi. Koma pakatha miyezi 68 yochepetsetsa idzakhala itafika cha pa £35, ndipo wolipira £69 adzakhala atamaliza kale chaka chathunthu m'mbuyomo. Msampha wake ndi woti kutsikako sikuoneka mwezi ndi mwezi, ndipo kumamveka ngati mpumulo.

Ndawawerengeranso ya zaka zitatu zimene ankaganiza poyamba. `=PMT(0.0187,36,-2411.36)` ikupereka £92.64 pa mwezi. Ati aganize kaye, lendi yakwera.

Pali malire amene ndiyenera kulemba, kuopa kuti wina angatenge 2051 ngati tsiku lokhazikika. Tebulo likuganiza kuti APR sidzasintha kwa zaka 26, chinthu chimene sichingachitike. Likuganizanso kuti kampani idzangoyang'ana. Kuyambira mu 2018 bungwe la Financial Conduct Authority limalamula makampani kulembera kalata munthu amene, pa miyezi 18, walipira zambiri ku chiwongoladzanja ndi zolipiritsa kuposa ku ngongole yeniyeni. Amamukumbutsanso pa miyezi 27, ndipo ikakwana 36 amayenera kumupatsa njira yomalizira ngongoleyo m'zaka zitatu kapena zinayi, mwinanso kuimitsa khadilo. Pa tebulo la achemwali, miyezi 18 ikubwerayi angalipire £1,140, ngongole n'kutsika ndi £406 yokha. Kalata imeneyo ikubwera ndithu ngati sasintha. Choncho zaka 26 zikungosonyeza kumene njirayi ikulowera.

Chondinyansa pang'ono n'chakuti ku America, chifukwa cha lamulo la 2009, sitetimenti imalemba yokha zaka zimene ngongole idzatenge ukamalipira yochepetsetsa, ndi ndalama yofunika kuti ithe m'miyezi 36. Pa pepala la achemwali pali chiganizo chimodzi chochenjeza kuti zidzatenga nthawi yaitali ndipo zidzadula. Yaitali bwanji, osanena. Ine zanditengera masabata awiri.

Loweruka, 7 Juni

Sitetimenti ya pa 3 Juni yafika, ndipo lero ndi tsiku loyesa tebulo. Linalosera chiwongoladzanja £44.45, ngongole £2,386.80, yochepetsetsa £68.32. Pepala likuti £44.58, £2,396.93 ndi £68.55.

Kusiyana kwa mapensi sikukanandidetsa nkhawa, chifukwa makampani ambiri amawerenga masiku ndipo mwezi wa masiku 31 umadula kuposa wa 30. Koma ngongole yasiyana ndi £10.13. Ndatsika ndi chala pa mndandanda wa zogula ndipo ndapeza mzere umodzi: £10.00. Mapensi 13 otsalawo ndi chiwongoladzanja cha £10 yomweyo, popeza munthu amene ali ndi ngongole yotsalira alibe masiku aulere, chogula chimayamba kubereka tsiku lomwe chalowa.

Ndawafunsa. Anagulira amayi mayunitsi a foni, malipiro a kuntchito asanalowe.

"Ndi teni paundi yokha, achimwene. Ndimafuna ndizitero mwezi uliwonse, amayi asamavutike."

Sindinatsutse za amayi. Ndangowonjezera mzati wa zogula mu tebulo n'kuika 10 mwezi uliwonse. Ngongole sikuthanso. Ikutsika pang'onopang'ono n'kukaima cha pa £1,000, pamene kutsika kwa mwezi kukufanana ndi £10 yolowayo, ndipo kuyambira pamenepo ndi kulipira chiwongoladzanja cha £18 pa mwezi mpaka kalekale. Atamagula za £24 pa mwezi, ngongole singasunthe n'komwe pomwe ilipa. Mwezi uno yatsika ndi £14.43 m'malo mwa £24.56.

Mpata womwewo ndawachenjeza za kutumiza ndalama kumudzi pogwiritsa ntchito khadili. Makhadi ambiri amakuwerenga ngati kutapa ndalama, amadula kaye chindapusa n'kuika peresenti yokwererapo. Zikatero tebulo langa la peresenti imodzi silikwaniranso, pangafunike mzati wina wa ngongole yachiwiriyo. Iwo sanachitepo, ndiye mzatiwo sindinaupange.

Lamulungu, 8 Juni

Titaweruka ku tchalitchi takhala pa tebulo la kukhitchini ndi foni yawo. Mu apu ya khadi, pa dayirekiti debiti, pali zosankha zitatu: yochepetsetsa, ndalama yokhazikika, kapena ngongole yonse. Asankha yokhazikika n'kulemba £70. Ndinkafuna aike £93, ati ayi, ayambe ndi imene akudziwa kuti sangaiphonye, chifukwa kuphonya kamodzi kumabweretsa chilango. Sindinalimbane nawo. Mayunitsi a amayi azichokera ku akaunti ya malipiro, ndipo khadilo alisiya kwathu, m'dirowa momwe timasunga mapasipoti.

Mu tebulo ndasintha mzere woyamba kukhala manambala a pa 3 Juni, ndipo `D` yonse ndaika 70. Likuti malipiro 55, omaliza mu Disembala 2029. Apu yanena kuti kusinthaku kungathe kusagwira pa 18 Juni ngati debiti ya mwezi uno inakonzedwa kale, ndiye pa 19 ndiwafunse ngati yadulidwa £70 kapena £68.55. Ikakhala yachiwiriyo awonjezere £1.45 pamanja. Sitetimenti ya pa 3 Julayi iyenera kuonetsa chiwongoladzanja cha £44.17 ndi ngongole ya £2,371.10, kusiyana kwake kusapitirire paundi imodzi.